Phunziro: Kalata Yofunsa Ainshuwalansi Chifukwa Chimene Akanira Opaleshoni

Khalani pansi, ophunzira anga, ndipo mutseke kaye mabuku owerengetsera ndalama, pakuti lero tili ndi kalata imodzi yokha yoti tilembe. Ena mwa inu mukamaliza maphunzirowa mudzakhala pa tebulo la ofesi ya mabilu m'chipatala, kaya konkuno ku Chongwe kaya ku Lusaka, komwe ndi makilomita pafupifupi 45 kuchokera pano. Tsiku lina m'mawa mudzatsegula kompyuta n'kupeza kuti kampani ya inshuwalansi yakana kupereka chilolezo cha opaleshoni. Mwini matendawo adzakhala ali pa benchi panja, atasiya ntchito yake, akudikira kuti mumuuze tsiku lolowa ku fiyeta. Zimene mudzalembe m'mawa umenewo n'zimene ndikufuna tiphunzire.

Tiyambe ndi chilolezocho. Munthu akakhala pa inshuwalansi ya zaumoyo, kampani imalonjeza kumulipirira chithandizo, koma pa zinthu zodula monga opaleshoni yochita kukonzekera imafuna iuzidwe mpeni usanagwire ntchito. Chipatala chimatumiza fomu yonena kuti wodwala ndani, akudwala chiyani, dokotala akufuna kuchita chiyani, liti, ndiponso pa mtengo wanji. Kumeneko amaona ngati munthuyo ndi membala wolipira bwino, ngati matendawo ali m'pangano, ngati ndalama zake za chaka chimenecho zisanathe, ndiponso ngati opaleshoniyo ikugwirizana ndi matenda amene alembedwa. Akakhutira amapereka nambala ya chilolezo. Popanda nambala imeneyo bilu ya chipatala idzabwezedwa, ndipo ngongole idzagwera wodwala kapena chipatala.

Muno mu Zambia olipira otere alipo a mitundu iwiri. Pali NHIMA, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa ndi lamulo nambala 2 la chaka cha 2018. Linayamba kutolera ndalama mu Okutobala 2019, pa mlingo wa 1 peresenti ya malipiro enieni a wantchito ndi 1 peresenti ina yochokera kwa womulemba ntchito, ndipo mamembala anayamba kulandira chithandizo mu Febuluwale 2020. Ndiye pali makampani a inshuwalansi omwe si a boma, amene mabwana ena amalembetsako antchito awo, ndipo amenewa amayang'aniridwa ndi bungwe la PIA, loona za penshoni ndi inshuwalansi. Nkhani yathu ya lero ndi ya kampani ya mtundu wachiwiriwu. NHIMA tiipezanso kutsogoloku.

Ndakukonzerani chitsanzo. Munthuyu, masiku ake ndi mitengo yake ndi za pa bolodi pano, zophunzirira, koma zolakwika zimene zili m'menemo ndi za mtundu umene mudzakumane nawo. Bambo Uje, a zaka 52, amakhala ku Kanakantapa ndipo amagwira ntchito pa famu ina. Abwana awo anawalembetsa ku kampani ya inshuwalansi kuyambira pa 1 Febuluwale. Pa 6 Juni bambowa anapita ku kiliniki chifukwa cha chotupa cha m'mphechepeche, chimene chinkatsikira kuthumba la umuna akanyamula matumba a chimanga. Wowaona kumeneko analemba kalata yowatumiza kuchipatala chathu. Pa 18 Juni dokotala wa opaleshoni anawayeza n'kupeza kuti ndi haniya ya mbali ya kumanja, ndipo anaika tsiku la 3 Julayi. Pa 19 Juni ofesi yathu inatumiza fomu. Pa 23 Juni yankho linabwera, la mizere iwiri yokha: opaleshoni yopemphedwa sikugwirizana ndi matenda olembedwa, matendawa analipo membala asanalowe m'pangano.

Kalaliki wosazolowera akaona zimenezi amachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Wina amapsa mtima, n'kulemba kuti kampaniyo ndi yankhanza, imadya ndalama za anthu. Wina amagwada, n'kulemba kuti bambowa ndi osauka, ali ndi ana asanu, chonde amvereni chisoni. Onse awiri ndimawamvetsa, chifukwa mtima wa munthu umatero ukaona mnzake akuvutika. Koma makalata awiri onsewa sathandiza Bambo Uje. Amene akawerenge kalatayo ali ndi fomu, pangano ndi malamulo a ntchito yake, ndipo sangasinthe chigamulo chifukwa cha ukali kapena misozi. Angachisinthe pokhapokha mutamuonetsa, ndi umboni, kuti chifukwa chimene anakanira si choona. Choncho kalata yathu iyenera kuyankha zifukwa ziwiri zimene iwo apereka, chilichonse pachokha, osawonjezapo chachitatu chochokera m'mutu mwathu.

Musanagwire cholembera, tengani fayilo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Yalani pa tebulo mapepala anayi: fomu imene tinatumiza, kalata ya ku kiliniki, zolemba za dokotala wa opaleshoni, ndi pangano la kampaniyo. Muwerenge ngati kuti ndinu munthu wa ku kampani uja, amene sanawaonepo Bambo Uje.

Tiyambe ndi chifukwa choyamba. Pa fomu pali malo olembapo nambala ya matenda. Manambalawa amachokera m'buku la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, lotchedwa ICD-10, limene mayiko anayamba kuligwiritsa ntchito mu 1994. Lilipo latsopano, ICD-11, limene linayamba mphamvu mu Januwale 2022, koma inu muzitsata limene fomu ya kampaniyo ikufunsa. M'buku limeneli nthenda iliyonse ili ndi chilembo ndi manambala ake, kuti dokotala wa ku Chongwe ndi kalaliki wa ku Lusaka azimvana popanda kukangana pa mawu. Tikayang'ana fomu yathu tikupeza kuti tinalemba N43.3. Tikayang'ana zolemba za dokotala wa opaleshoni tikupeza haniya, imene nambala yake ndi K40.9. Apa mpamene panapindikira nkhani.

Ndiime pang'ono pa matenda awiriwa, chifukwa kalaliki amene sadziwa kusiyana kwake adzalakwitsanso mawa. N43.3 ndi phudzi, kudzadza kwa madzi m'thumba la umuna. Haniya ndi ina: mnofu wa khoma la mimba umakhala ndi pofooka, ndiye thumbo kapena mafuta a m'mimba amatulukira pamenepo n'kupanga chotupa pansi pa khungu. Kumudzi anthu amaziphatikiza chifukwa pooneka zimafanana. Dokotala amazisiyanitsa ndi manja ndi maso. Chotupa cha haniya chimakula munthu akaimirira kapena akatsokomola, ndipo kawirikawiri chimabwerera m'kati akagona chagada. Phudzi silibwerera, ndipo dokotala akaliwalitsa ndi tochi kuwala kumadutsa, chifukwa m'katimo muli madzi. Maopaleshoni ake ndi osiyananso. Pa phudzi amachotsa madzi n'kukonza kathumba kamene kamawasunga. Pa haniya amang'amba m'mphechepeche, kubwezera zotulukazo m'mimba, n'kulimbitsa pofookapo, nthawi zambiri ndi kansalu konga ukonde kamene amakasokerera m'katimo.

Tsono taganizani munthu wa ku kampani uja. Fomu ikumuuza kuti wodwala ali ndi phudzi, fomu yomweyo ikupempha ndalama zokonzera haniya pamodzi ndi kaukonde kake. Akanavomera bwanji? Pamenepa sanalakwe. Tinalakwa ndife. Wa ku kiliniki analemba dzina la phudzi ataika chizindikiro cha funso patsogolo pake, ndipo m'kalembedwe ka achipatala chizindikiro chimenecho chimatanthauza kuti akungoganizira, wina akatsimikize. Kalaliki wathu, pofulumira, anatenga matenda pa kalata ya ku kiliniki imene inali pamwamba pa fayilo, osatsegula tsamba la dokotala wa opaleshoni. Lembani izi m'makope mwanu: nambala ya matenda imatengedwa kwa dokotala amene akupempha opaleshoniyo, osati kwa amene anamutumiza wodwalayo.

Chifukwa chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba. Mapangano ambiri a makampaniwa ali ndi ndime yonena kuti matenda amene munthu anali nawo kale asanalowe salipiridwa mpaka papite nthawi yakutiyakuti. Ndime imeneyi ili ndi nzeru yake: popanda iyo anthu bwenzi akulowa inshuwalansi pokhapokha atadwala, ndipo thumba silikanakwanira aliyense. M'pangano la chitsanzo chathu nthawiyo ndi miyezi 12, ndipo ndimeyo ikunena za matenda amene membala anaona zizindikiro zake, kapena analandirapo chithandizo, tsiku lolowa lisanafike. Funso lonse lagona pa tsiku: kodi chotupa cha Bambo Uje chinayamba pa 1 Febuluwale pasanafike, kapena patapita?

Bwererani ku kalata ya ku kiliniki. Achipatala ali ndi chidule chawo cholembera nthawi. Akalemba 3/7 ndiye kuti masiku atatu, pakuti sabata ili ndi masiku 7. Akalemba 3/52 ndi masabata atatu, pakuti chaka chili ndi masabata 52. Akalemba 3/12 ndi miyezi itatu. Pa kalata yeniyeni ya Bambo Uje palembedwa 6/52, masabata asanu ndi imodzi. Koma yang'anani fotokope imene tinatumiza. Inki ya makina inali ikutha, ndipo 5 uja akuoneka ngati 1. Aliyense wowerenga pepala limenelo aona 6/12.

Tiwerengetse pamodzi. Kuchokera pa 6 Juni kubwerera m'mbuyo miyezi 6 tikufika pa 6 Disembala chaka chatha, pangano lisanayambe, ndipo kampani ili ndi ufulu wokana. Koma kubwerera m'mbuyo masabata 6, omwe ndi masiku 42, tikufika pa 25 Epulo. Kuchokera pa 1 Febuluwale kufika pa 25 Epulo papita pafupifupi masabata 12. Nambala imodzi yozimirira yasuntha chiyambi cha matenda ndi miyezi inayi ndi theka, ndipo yamulanda munthu opaleshoni yake.

Chenjerani apa. Kampaniyo sinatiuze kuti inawerenga 6/12. Ife tikungoganiza choncho. N'kutheka kuti ali ndi pepala lina limene ife sitinalione, monga bilu yakale ya chipatala china. N'chifukwa chake kalatayi ndi yofunsa. Tiwauza zimene zili m'fayilo yathu, tiwaonetsa pamene tikuganiza kuti panasokonekera, kenako tiwapempha atiuze ngati ali ndi umboni wina. Safunsa anadya phula.

Mapepala awiri akufunika kalata isanapite, ndipo onse awiri si inu mungawalembe. Loyamba ndi kalata ya dokotala wa opaleshoni, yofotokoza zimene anapeza poyeza, dzina la matenda ndi nambala yake, chifukwa chimene opaleshoni ikufunikira, ndi chimene chingachitike ikachedwa, yokhala ndi siginecha, chidindo ndi nambala yake ya ku HPCZ, bungwe limene limalembetsa ogwira ntchito zachipatala. Lachiwiri ndi fotokope yooneka bwino ya kalata ya ku kiliniki, ndipo ngati n'kotheka wa ku kiliniki alembe m'mawu kuti masabata asanu ndi imodzi, adindepo. Inu musagwire cholembera kudetsa 5 uja kuti aoneke bwino, ndipo musafufute chilichonse pa fomu yakale. Pepala lachipatala likaoneka kuti lakhudzidwa, mlandu wabwino umasanduka wokayikitsa. Dzazani fomu yatsopano, dokotala asaine, yakaleyo ikhale m'fayilo momwe inalili.

Tsopano kalata. Ku ofesi mudzailemba m'Chingerezi, chifukwa ndicho chilankhulo cha maofesi athu, koma tiimange kaye m'chathu kuti mfundo zake zikhazikike m'mutu. Pamwamba pakhale dzina ndi keyala ya chipatala, tsiku la 24 Juni, ndipo ipite kwa dokotala wa kampaniyo amene amaunika zilolezo, osangoti kwa aliyense amene zikumukhudza. Pansi pa malonje pakhale mutu wonyamula dzina la membala, nambala yake ya umembala, ndi nambala imene iwo anaika pa yankho lawo lokana, chifukwa ndi nambala imeneyo imene adzapezere nkhaniyi m'kompyuta mwawo. Thunthu lake likhale lotere:

“Talandira yankho lanu la pa 23 Juni lokana chilolezo cha opaleshoni ya membala wanu amene watchulidwa pamwambapa. Opaleshoniyo yaikidwa pa 3 Julayi. Tikupempha kuti muunikenso chigamulochi pa zifukwa izi.

“Mwanena kuti opaleshoni sikugwirizana ndi matenda. Pamenepa tinalakwitsa ndife. Pa fomu ya pa 19 Juni tinalemba N43.3, potengera kalata ya ku kiliniki imene inkangoganizira matendawo. Dokotala wa opaleshoni amene anayeza wodwalayu pa 18 Juni anapeza haniya ya m'mphechepeche, mbali ya kumanja, K40.9. Taphatikiza fomu yatsopano ndi kalata ya dokotalayo.

“Mwanenanso kuti matendawa analipo membala asanalowe m'pangano. Membalayu analowa pa 1 Febuluwale. Kalata ya ku kiliniki ya pa 6 Juni ikuti chotupacho chinali chitatha masabata 6, kusonyeza kuti chinayamba cha pa 25 Epulo. Fotokope imene tinakutumizirani poyamba inali yozimirira, moti 6/52 akanatha kuwerengedwa ngati 6/12. Taphatikiza ina yooneka bwino, yodindidwa ndi kilinikiyo. Ngati chigamulo chanu chinachokera pa umboni wina, chonde tiuzeni umboniwo ndi ndime ya pangano imene mwatsata.

“Tikupempha chilolezo cha K18,500 monga tafotokozera pa pepala la mitengo. Tikupemphanso yankho lolembedwa pofika pa 30 Juni kuti tikonze mndandanda wa ku fiyeta. Dokotala wa opaleshoni ndi wokonzeka kulankhula ndi dokotala wanu pa foni. Matendawa akasintha n'kukhala angozi tsikulo lisanafike, tidzachita opaleshoni mosadikira ndipo tidzakudziwitsani monga pangano lathu likunenera.”

Pansi pake pakhale dzina lanu, udindo wanu, foni ya ofesi, ndi mndandanda wa mapepala amene mwaphatikiza. Yonse ikwane tsamba limodzi.

Taonani m'mene tanenera kulakwa kwathu: chiganizo chimodzi, chosabisa, chosadzikhululukira. Ena amaopa kuti kuvomera kuchititsa manyazi chipatala, ndiye amangotumiza fomu yatsopano mwakachetechete ngati kuti yoyamba ija kunalibe. Wa ku kampani akaona matenda asintha pa masiku asanu popanda kufotokoza, amaganiza kuti chipatala chikusaka nambala imene ingalipidwe, ndipo amayamba kukayikira zonse. Taonaninso kuti pa chifukwa chachiwiri sitinawanene kuti satha kuwerenga. Tati pepala lathu linali lozimirira, zomwe ndi zoona, ndipo tawasiyira khomo lotulukira popanda manyazi. Munthu amene mukumulembera lero ndi yemweyo mudzamulembere mawa za wodwala wina.

Za mtengo ndinene pang'ono. Musalembe K18,500 yokha ngati mtolo womanga. Imasuleni: dokotala wa opaleshoni K7,000, wopereka mankhwala ogonetsa kapena ochititsa dzanzi K2,500, fiyeta K4,000, kaukonde K1,800, bedi masiku awiri pa K900 tsiku lililonse K1,800, kuyeza magazi ndi mankhwala K1,400. Phatikizani nokha muone ngati zikukwana. Mtengo uliwonse ufanane ndi umene uli pa mndandanda umene chipatala ndi kampaniyo anagwirizana, chifukwa mukakweza ngakhale pamodzi mwawapatsa chifukwa chachitatu chokanira.

Pali zinthu zimene siziyenera kulowa mu envulopu imeneyi. Fayilo ya Bambo Uje ingakhale ndi zambiri: zotsatira za kuyeza kachilombo, matenda ena akale, nkhani za m'banja. Zimenezi sizikukhudza haniya, choncho zikhale. Tumizani masamba okhawo amene akuyankha zifukwa ziwirizo, ndipo muonetsetse kuti wodwala anasaina kuvomera kuti nkhani ya matenda ake ipite ku kampaniyo. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu, nambala 3 la chaka cha 2021, limaika nkhani za umoyo m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera. Musajambule mapepalawa ndi foni yanu n'kuwatumiza pa WhatsApp. Ndipo musatumize kope kwa abwana a pa famu paja ngakhale ndiwo amalipira inshuwalansi. Kulipira sikuwapatsa ufulu wodziwa chimene chili m'thupi mwa wantchito wawo. Chongwe ndi tauni yaing'ono, ndipo nkhani ya chotupa cha pamalo potere ikatuluka imafika kumsika dzuwa lisanalowe. Bambo wamkulu angasiye opaleshoni chifukwa cha manyazi okha.

Tsopano ndifike pa chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri. Chiganizo chomaliza cha kalata yathu chikunena za ngozi, ndipo sitinachiike pongokometsera. Haniya imene imalowa ndi kutuluka ikhoza kudikira masabata angapo. Koma tsiku lina thumbo likhoza kutuluka n'kukanika kubwerera, pakhomo paja n'kulifinya mpaka magazi osafikako. Chotupa chimauma, ululu umakula, munthu amasanza, mimba imafufuma, chimbudzi ndi mpweya zimaima. Thumbo lotere limatha kufa m'maola owerengeka. Pamenepo palibenso za fomu. Choncho mukatuluka kukawauza Bambo Uje kuti tikudikira yankho, musangoti tidzakuimbirani. Apititseni kwa namwino kapena dokotala awafotokozere zizindikiro zimenezi pamodzi ndi akunyumba kwawo, awauze kuti akaziona anyamuke nthawi yomweyo, usiku kapena usana, kupita ku Chipatala cha Boma cha Chongwe kapena chilichonse chapafupi chochita opaleshoni, osadikira foni yathu. Kuchokera ku Kanakantapa usiku galimoto sipezeka mwachangu, ndiye aganiziretu za mayendedwe. Zikachitika zotere opaleshoni imayamba, kudziwitsa kampani kumatsatira m'nthawi imene pangano linaika, ndipo dokotala adzalemba K40.3 ngati thumbo lafinyika koma silinafe, kapena K40.4 ngati lafa.

Pomwepa pali yesero. Wina adzakunong'onezani kuti ingolembani K40.3, akaona kuti ndi zangozi avomera msanga. Wokuuzaniyo angakhale munthu wachifundo ndithu. Kanani. Limenelo ndi bodza lolembedwa pofuna ndalama, ndipo ndi chinyengo ngakhale cholinga chikhale chabwino. Silibisikanso: haniya yofinyika siikidwa pa mndandanda wa sabata yamawa, ndipo zolemba za ku fiyeta zidzanena zimene dokotala anapezadi. Likadziwika, kampani ikana bilu yonse, dokotala amene anasaina akayankha ku HPCZ, inu ntchito yatha, ndipo odwala onse a chipatala chimenecho amene adzabwere ndi ngozi yeniyeni adzayamba kukayikiridwa.

Nanga zikanakhala kuti kalata ya ku kiliniki inanenadi 6/12? Ndiye kuti kampani yakana mwachilungamo, ndipo kalata yathu ikanakhala yongokonza nambala ya matenda ndi kufunsa tsiku limene miyezi 12 idzathere. Sitikanawaphunzitsa Bambo Uje kuti asinthe nkhani yawo. Tikanawakumbutsa kuti pa malipiro awo pamadulidwanso ya NHIMA. Pa mlingo uja wa 1 peresenti, munthu wolandira K4,000 amadulidwa K40, abwana ake n'kuikapo K40 ina. Maopaleshoni ali m'gulu la zimene NHIMA imalipirira pa zipatala zimene inazivomereza, choncho tikanatenga nambala ya chitupa chawo cha NRC n'kuona ngati zopereka zawo zili bwino. Zipatala za boma zilipo, kuyambira chathu cha Chongwe mpaka cha Levy Mwanawasa ndi UTH ku Lusaka kwa amene atumizidwa. Kalaliki wabwino akaona kuti khomo ili latsekekadi, amamuonetsa wodwala lina, osamusunga pa benchi ndi chiyembekezo chabodza.

Kalata ikapita, ntchito sinathe. Itumizeni pa imelo ya ofesi kapena njira imene kampaniyo inakhazikitsa, sungani umboni woti yafika, ndipo mulembe m'kaundula tsiku ndi ola. Mawa lake imbani foni. Lembani dzina la amene mwalankhula naye, nthawi, ndi zimene wanena. Akakuuzani pa foni kuti zatheka, thokozani, koma mupemphe nambala ya chilolezo yolembedwa. Mawu a pa foni sangaphatikizidwe pa bilu. Tsiku la 30 Juni likafika kuli zii, nkhani ipite kwa mkulu wa ofesi yanu kuti alembere mkulu wa kumeneko. Akakanabe popanda chifukwa chomveka, mwini pangano, yemwe ndi membala kapena abwana ake, akhoza kudandaula ku kampaniyo mwalamulo, ndipo zikakanika apite ku PIA. Kumeneko adzafuna makalata onse ndi masiku ake, ndiye kaundula wanu uja adzakhala mboni ya Bambo Uje.

Timalize chitsanzo chathu. Tinene kuti pa 27 Juni yankho labwera: avomera, nambala ya chilolezo ndi iyi, ndalama K17,600. Musathamange kukalengeza musanawerenge. Tinapempha K18,500, ndiye pakusowa K900. Mukayang'ana mupeza kuti avomera bedi la tsiku limodzi lokha. Si zachilendo, pakuti ambiri ochitidwa opaleshoni ya haniya amatuluka msanga. Funsani dokotala. Ngati akuti tsiku limodzi likwanira, nkhani yatha. Ngati ali ndi chifukwa chachipatala chowagonekera masiku awiri, alembe, inu mupemphe chiwonjezero Bambo Uje asanatuluke m'chipatala. Ngati palibe chifukwa chotere koma bambowo akufuna kugona tsiku lachiwiri chifukwa cha mtunda, auzeni lero kuti K900 imeneyo idzachokera m'thumba mwawo, asadzaimve koyamba pa windo la malipiro ali ndi bala. Muonenso tsiku limene chilolezocho chithere mphamvu, chifukwa opaleshoni ikasunthidwa kupitirira tsikulo muyenera kupemphanso. Ndipo bilu yomaliza inyamule nambala ya chilolezo yomweyo, K40.9 yemweyo, ndi opaleshoni yomweyo, apo ayi adzaibweza ngakhale anavomera.

Ntchito ya kunyumba ndi iyi. Tengani nkhani ya Bambo Uje, koma musinthe chinthu chimodzi: kalata ya ku kiliniki ikunena 4/12, ndipo ikuwerengeka bwino. Werengetsani tsiku limene chotupacho chinayamba, muliyerekeze ndi 1 Febuluwale, ndipo muganize zimene kampani ingafunse poona kuti masikuwo ayandikana chotero. Kenako lembani kalata ya tsamba limodzi, poyamba m'Chichewa, kenako m'Chingerezi, popanda kuwonjeza chilichonse chimene mulibe umboni wake. Mubwere nayo Lolemba m'mawa, ndipo aliyense adzawerenga yake pamaso pa anzake.